Mtengo wa B pa disiki: mmene mungawerengere kuya kwa indekisi yanu ndi kuona mapeji akugawika

Malangizowa ndi a munthu amene ali ndi tebulo lalikulu mu detabesi, ndipo akufuna kudziwa zimene zimachitika pa disiki akalamula kuti pakhale indekisi. Tigwiritsa ntchito PostgreSQL, chifukwa imalola kutsegula indekisi ndi kuona mapeji ake ndi maso. Mukalemba `CREATE INDEX` osatchula mtundu, imakupangirani indekisi ya `btree`, imene pano tiziitcha mtengo wa B. Anauyambitsa Rudolf Bayer ndi Edward McCreight mu 1970 akugwira ntchito ku Boeing. Umene uli m'madetabesi ambiri lero ndi mphukira yake yotchedwa B+, momwe zolozera ku mizere ya tebulo zimakhala pansi penipeni pokha.

Tigwirizane mawu anayi. Peji ndi chigawo cha fayilo chimene detabesi imawerenga kapena kulemba nthawi imodzi, ndipo mu PostgreSQL ndi mabaiti 8192. Muzu ndi peji ya pamwamba, poyambira kusaka kulikonse. Masamba ndi mapeji a pansi, amene ali ndi makiyi onse. Nthambi ndi mapeji a pakati, amene ntchito yake ndi kulozera njira basi.

Yambani ndi kuwerenga maulendo a ku disiki

Pa nkhani ya indekisi, chofunika kuwerenga si kuchuluka kwa makiyi amene kompyuta yayerekezera, koma kuchuluka kwa mapeji amene yakatenga ku disiki. Disiki yozungulira ya maulendo 7200 pa mphindi imamaliza kuzungulira kamodzi m'mamilisekondi 8.3. Kuti malo amene mukufuna afike pansi pa mutu wowerengera mumadikira theka la nthawi imeneyi, ndipo mukaonjezera nthawi yosuntha mutuwo, kuwerenga kumodzi kumadya mamilisekondi pafupifupi 10. Pa SSD ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milisekondi. Mu memore ndi mwachangu kuposa pamenepo maulendo mazanamazana.

Chinanso n'chakuti disiki sipereka baiti imodzi. Kaya mukufuna mabaiti 8 kaya 8000, ulendo ndi womwewo ndipo peji yonse imabwera. Munthu sapita kuchigayo ndi kapu imodzi ya chimanga. Amadzaza thumba, chifukwa chotopetsa ndi ulendowo.

Tsopano ganizirani mtengo wamba wa nthambi ziwiriziwiri, umene pamphambano iliyonse pali kiyi mmodzi ndi njira ziwiri. Kuti mupeze kiyi pakati pa makiyi 1,000,000 mumadutsa mphambano pafupifupi 20. Ngati mphambano iliyonse ili pa peji yake, ndi maulendo 20 a ku disiki, mamilisekondi 200 pa disiki yozungulira, ndipo pa ulendo uliwonse mwanyamula mabaiti 8192 n'kugwiritsa ntchito ochepa chabe. Mtengo wa B umadzaza peji yonse ndi makiyi, kotero kuti ulendo umodzi umakusankhitsani njira imodzi mwa mazana. Kusaka mkati mwa pejiyo kumachitika mu memore, podula makiyi pakati mobwerezabwereza, ndipo nthawi yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ulendowo.

Werengerani makiyi okwana m'peji imodzi

Tengani pepala. Tinene kuti kiyi wanu ndi wa mtundu wa `bigint`, mabaiti 8.

Pa mabaiti 8192 a peji, chotsani 24 a mutu wa peji, ndi 16 a kumapeto kumene mtengo umasunga zolozera ku mapeji oyandikana. Atsala 8152. Kiyi aliyense amabwera ndi kamutu kake ka mabaiti 8, mmene muli adiresi ya mzere mu tebulo, ndiye pamodzi ndi 16. Palinso kacholozera ka mabaiti 4 koyambirira kwa peji konena pamene kiyiyo ali. Zonse pamodzi ndi mabaiti 20.

```
8152 / 20 = 407
```

Peji ikadzaza mpaka pakamwa imatenga makiyi 407. Koma PostgreSQL simadzaza choncho ikamamanga indekisi. Masamba imawadzaza magawo 90 pa 100, ndiye kuti makiyi 366, ndipo nthambi imazidzaza magawo 70 pa 100, zolozera pafupifupi 285. Malo otsalawo ndi a makiyi obwera m'tsogolo.

Ndiye werengerani kuchokera pansi kupita pamwamba. Mizere 1,000,000 kugawa ndi 366 ndi masamba pafupifupi 2733. Masamba amenewa kugawa ndi 285 ndi nthambi 10. Nthambi 10 zikwana bwinobwino pansi pa muzu umodzi. Nsanjika zonse ndi zitatu: muzu, nthambi, tsamba.

Chulukitsani mizereyo ifike 100,000,000. Masamba akhala pafupifupi 273,000, nthambi zowalozera 959, pamwamba pake nthambi zina 4, kenako muzu. Tebulo lakula maulendo 100, koma nsanjika zangoonjezekera imodzi, kufika pa zinayi. Mtengo wa nthambi ziwiriziwiri ukanafika pa mphambano 27.

Pali phindu lina limene ambiri saliona msanga. Pa mtengo wa mizere 100,000,000 uja, masamba ndi oposa magigabaiti 2, koma mapeji onse a pamwamba pa masamba ndi 964 okha, osafika mamegabaiti 8. Popeza kusaka kulikonse kumadutsa mmenemo, mapeji amenewa sachoka mu memore. Kwenikweni ndiye kuti pa nsanjika zinayizo, ku disiki mumapitako kamodzi kukatenga tsamba, ndi kachiwiri kukatenga mzere weniweniwo mu tebulo.

Mangani kamtengo pa pepala

Apa ndikupemphani kuti musangowerenga, lembani nawo. Munthu amene wagawapo peji ndi dzanja lake saiwalanso. Kuti kugawika kubwere msanga, tichepetse peji: tsamba lizitenga makiyi osaposa 4, ndipo nthambi kapena muzu uzilozera ana osaposa 4, ndiye kuti makiyi a malire osaposa 3. Lamulo loyendera ndi ili: kiyi wochepera malire apite kumanzere, wofanana nawo kapena woposa apite kumanja.

Lowetsani 50, 20, 80 ndi 10. Onse akwana m'peji imodzi, ndipo mumawasunga motsatana. Pejiyi ndi muzu komanso tsamba nthawi imodzi.

```
[10 20 50 80]
```

Lowetsani 60. Malo ake ndi pakati pa 50 ndi 80, koma peji yadzaza. Chitani izi motsatana. Ndandalikani makiyi asanu onse: 10, 20, 50, 60, 80. Tengani peji yatsopano. Siyani 10 ndi 20 m'peji yakale, ndipo 50, 60 ndi 80 apite m'yatsopano. Lumikizani masamba awiriwa kuti lakumanzere lizilozera lakumanja. Pomaliza, koperani kiyi woyamba wa tsamba lakumanja, 50, n'kumukweza pamwamba ngati malire. Pamwamba panalibe peji, choncho pabadwa muzu watsopano.

```
        [50]
[10 20]      [50 60 80]
```

Onetsetsani kuti 50 akuoneka kawiri. Wa pamwambayo ndi chikwangwani chabe cholozera njira. Weniweni, amene ali ndi adiresi ya mzere, akadali m'tsamba.

Lowetsani 70, akwana kumanja. Lowetsani 90, ndipo tsamba lakumanja ligawika: 50 ndi 60 atsala, 70, 80 ndi 90 asamuka, malire 70 akwera. Ulendo uno muzu ulipo kale ndipo uli ndi malo, ndiye ungolandira. Lowetsani 30 ndi 40, adzaza tsamba loyamba. Lowetsani 25: tsamba loyamba ligawika kukhala 10, 20 ndi 25, 30, 40, ndipo malire 25 akwera.

```
             [25 50 70]
[10 20] [25 30 40] [50 60] [70 80 90]
```

Muzu tsopano uli ndi ana anayi, wadzaza. Lowetsani 75, akwana m'tsamba lomaliza. Kenako lowetsani 85. Tsamba lomaliza ligawika kukhala 70, 75 ndi 80, 85, 90, ndipo malire 80 afuna kukwera. Koma muzu ulibe malo: makiyi akanakhala 25, 50, 70, 80, ana asanu. Choncho muzu nawo ugawika, ndipo apa pali kusiyana kofunika. Mmodzi mwa makiyi awiri a pakati, 70, sakoperedwa ayi, amasamuka. Amachoka pa nsanjika imeneyi n'kukakhala yekha m'muzu watsopano, chifukwa pa nthambi kiyi ndi chikwangwani chabe, palibe adiresi ya mzere yoti itayike.

```
                 [70]
       [25 50]             [80]
[10 20][25 30 40][50 60]   [70 75][80 85 90]
```

Yang'anani bwino chimene chachitika. Mtengo watalika ndi nsanjika imodzi, koma watalikira kumwamba. Palibe tsamba limene latsika pansi kuposa linzake. Njira yokhayo imene mtengo wa B umatalikira ndi kugawika kwa muzu, ndipo muzu watsopano ukabadwa, masamba onse amatalikira limodzi. Ndi chifukwa chake simufunika kuuwongola: kaya makiyi abwera motsatana kaya mosokonekera, kuchokera pa muzu kufika pa tsamba lililonse mtunda ndi umodzi. Komanso peji iliyonse yobadwa pa kugawa pakati imayamba ndi makiyi pafupifupi theka, choncho mtengo sungasanduke chingwe chachitali cha mapeji a kiyi mmodzimmodzi.

Yesani kusaka 75. Pa muzu, 75 aposa 70, pitani kumanja. Pa nthambi, 75 achepera 80, pitani kumanzere. Mwamupeza m'tsamba, mapeji atatu. Yesaninso kupeza makiyi onse kuyambira 30 mpaka 72. Mumatsika kamodzi kokha kukapeza 30, kenako mumangoyenda cham'mbali kutsata kulumikizana kwa masamba: 30, 40, 50, 60, 70, n'kuima mukaona 75. Simubwereranso pamwamba. Kulumikizana kumeneku ndi kumene kumathandiza `BETWEEN` ndi `ORDER BY` kuyenda mwachangu pa indekisi.

Pa kamtengo kathuka kugawika kwachitika pafupipafupi chifukwa mapeji ndi ang'ono. Pa peji ya makiyi 407, tsamba logawika pakati limafuna makiyi ena pafupifupi 200 kuti lidzazenso, ndipo nthambi imagawika pokhapokha masamba ake atagawika kambirimbiri. Kugawika kwa muzu kumachitika kangapo kokha pa moyo wonse wa indekisi.

Tsegulani indekisi yeniyeni

Chitani izi pa detabesi yoyeserera, muli ndi mphamvu za woyang'anira wamkulu.

```sql
CREATE EXTENSION pageinspect;
CREATE EXTENSION pgstattuple;
CREATE TABLE malipiro (id bigint PRIMARY KEY, ndalama integer);
INSERT INTO malipiro
  SELECT g, 1000 FROM generate_series(1, 1000000) g;
```

Peji yoyambirira ya fayilo ya indekisi, ya nambala 0, ilibe makiyi. Imangosunga nambala ya peji imene ili muzu panopa, poti muzu umasintha ukagawika. Iwerengeni:

```sql
SELECT root, level FROM bt_metap('malipiro_pkey');
```

Pa `level` muona 2. Masamba amawerengedwa ngati 0, choncho 2 akutanthauza nsanjika zitatu, monga tinawerengera pa pepala. Tsopano onani tsamba loyamba:

```sql
SELECT type, live_items, avg_item_size, free_size, btpo_next
FROM bt_page_stats('malipiro_pkey', 1);
```

Pa `type` pakhala `l`, kusonyeza tsamba. Pa `avg_item_size` pakhala 16, pa `free_size` mabaiti pafupifupi 800, ndipo `btpo_next` ndi nambala ya tsamba lotsatira kumanja. Pa `live_items` muona 367, osati 366. Woonjezekerayo ndi kiyi wa malire a kumtunda, amene tsamba lililonse limasunga kupatula lomaliza kumanja. Tsamba loyamba lili ndi makiyi 1 mpaka 366, ndipo limasunganso 367 monga chizindikiro chakuti kuyambira pamenepo zili kwa mnzake wa kumanja.

Kuti mutsimikize kuchuluka kwa mapeji owerengedwa, lamulani izi kawiri n'kuyang'ana zotsatira zachiwiri:

```sql
EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS)
SELECT * FROM malipiro WHERE id = 777777;
```

Pansi pa `Index Scan` muyembekezere `shared hit=4`: muzu, nthambi, tsamba, ndi peji imodzi ya tebulo. Mawu akuti `hit` akutanthauza kuti peji inapezeka kale mu memore ya detabesi, pamene `read` akutanthauza kuti inachita kukatengedwa kunja kwake.

Kiyi wa malire a kumtunda uja ali ndi ntchito yaikulu pamene anthu ambiri akugwiritsa ntchito indekisi nthawi imodzi. Tinene kuti mwawerenga nthambi ndipo yakulozerani ku tsamba lina, koma musanafike, wina waligawa ndipo kiyi wanu wasamukira m'tsamba latsopano. Mukafika mumayerekeza kiyi wanu ndi malire a kumtunda. Mukaona kuti kiyi wanu ali kuseri kwa malirewo, mumangotsata cholozera cha kumanja mpaka mutafika pa tsamba loyenera. Njirayi inalembedwa ndi Lehman ndi Yao mu 1981, ndipo ndi imene imalola kuti wosaka asatsekere ena mtengo wonse. Imathandizanso magetsi akathima kugawa kuli pakati. PostgreSQL imagawa tsamba kaye, kenako n'kukalemba malire m'nthambi ya pamwamba. Ngati yazima pakati pa ntchito ziwirizi, tsamba latsopano limapezekabe kudzera kwa mnzake wa kumanzere, ndipo wodzalowetsa kiyi pamenepo pambuyo pake amamaliza ntchito yotsalayo.

Yesani makiyi obwera mosokonekera

Apa ndi pamene ma indekisi ambiri amavutikira, choncho tikhalepo pang'ono. Pangani tebulo lachiwiri la makiyi omwewo, koma alowe mosatsatana:

```sql
CREATE TABLE malipiro2 (id bigint PRIMARY KEY, ndalama integer);
INSERT INTO malipiro2
  SELECT g, 1000 FROM generate_series(1, 1000000) g
  ORDER BY random();
```

Kenako yerekezani ma indekisi awiriwa, posintha dzina lokha:

```sql
SELECT tree_level, leaf_pages, avg_leaf_density, leaf_fragmentation
FROM pgstatindex('malipiro2_pkey');
```

Pa tebulo loyamba `avg_leaf_density` ikhala pafupifupi 90, `leaf_fragmentation` ikhala 0 kapena pafupi napo, ndipo indekisi yonse ndi mamegabaiti pafupifupi 21. Pa lachiwiri kudzaza kwa masamba kukhala cha m'ma 70, kusokonekera kwa ndondomeko ya masamba kukhala pafupi ndi 50, ndipo masamba achuluka ndi mazana angapo. Makiyi ndi omwewo, chasiyana ndi mmene anabwerera.

Chifukwa chake chili pa malo ogawira. Makiyi akamabwera motsatana, aliyense amagwera m'tsamba lomaliza kumanja. Kugawa tsamba limenelo pakati kukanakhala kuwononga, chifukwa theka lakumanzere silidzalandiranso kiyi wina, likanakhala theka mpaka kalekale. PostgreSQL imazindikira tsamba lomaliza kumanja, ndipo poligawa imasiya magawo 90 pa 100 kumanzere n'kusamutsa ochepa okha. Makiyi akamabwera mosokonekera, tsamba lililonse lingathe kudzaza, ndipo limagawika pafupifupi pakati. Nthawi iliyonse masamba ena angogawika kumene ndipo ali theka, ena atsala pang'ono kudzaza. Masamu amaonetsa kuti pakapita nthawi kudzazako kumakhazikika pa magawo pafupifupi 69 pa 100.

Koma malo owonongekawo si vuto lalikulu. Vuto lalikulu ndi memore. Pa makiyi otsatana, ntchito yonse yolemba ili pa tsamba limodzi ndi makolo ake, mapeji atatu kapena anayi amene amakhala mu memore nthawi zonse, ngakhale indekisi itakula motani. Pa makiyi osokonekera, kiyi aliyense amafuna tsamba lake. Indekisi ikadali yaing'ono kuposa memore simuona kanthu. Tsiku limene idzapose, pafupifupi kulowetsa kulikonse kumayamba ndi kukatenga tsamba ku disiki, ndipo peji ina yosinthidwa iyenera kulembedwa kaye kuti ipereke malo. Chizindikiro chake n'chakuti kulowetsa mizere kumene kunali kwachangu kwa miyezi yambiri kumayamba kuchedwa popanda kusintha kulikonse pa pulogalamu, ndipo `read` amachuluka kuposa kale.

Palinso kukula kwa WAL, buku limene PostgreSQL imalembamo kusintha kulikonse isanakhudze mafayilo enieni. Peji ikasinthidwa koyamba pambuyo pa `checkpoint`, nthawi imene detabesi imalemba pa disiki mapeji onse osinthidwa, imalembedwa yathunthu m'bukumo. Makiyi otsatana amakhudza mapeji ochepa, ndiye mapeji athunthu olembedwa ndi ochepa. Makiyi osokonekera amakhudza masamba masauzande, ndipo lililonse limalembedwa lathunthu chifukwa cha kiyi mmodzi wa mabaiti 20.

Makiyi osokonekera amene mungakumane nawo kawirikawiri ndi a `gen_random_uuid()`. Ndi a mabaiti 16, choncho malo a kiyi aliyense ndi mabaiti 28, m'peji yodzaza mumakwana 291, ndipo pa magawo 69 pa 100 ndi pafupifupi 200 pa tsamba, poyerekeza ndi 366 a `bigint` wotsatana. Ine ndimaona kuti pa tebulo limene lidzakula kwambiri ndipo limalandira mizere tsiku lonse, nambala yotsatana ndiyo yoyenera kuyamba kuganiziridwa. Ngati mukufunadi makiyi opangidwa pa makompyuta osiyanasiyana popanda kufunsana, sankhani mtundu woyamba ndi nthawi, monga `uuidv7()` imene inabwera mu PostgreSQL 18. Makiyi ake atsopano amagwera cha kumanja kwa mtengo. Dziwani kokha kuti aliyense woona kiyi wotere angathe kudziwa nthawi imene anapangidwa.

Samalani kutalika kwa kiyi

Kufalikira kwa mtengo kumadalira kukula kwa kiyi, ndipo kiyi wamtali amauonda n'kuutalikitsa. Bwerezani masamu aja ndi mawu a mabaiti 200, monga adiresi yaitali ya pa intaneti. Pamodzi ndi timitu take ndi kacholozera, kiyi aliyense adya mabaiti pafupifupi 220. M'peji mukwana 37, pa tsamba 33, pa nthambi 26. Mizere 1,000,000 ifuna masamba oposa 30,000, nthambi pafupifupi 1170, pamwamba pake 45, pamwamba pake 2, kenako muzu. Nsanjika zakhala zisanu m'malo mwa zitatu, ndipo indekisi yaposa mamegabaiti 230 m'malo mwa 21.

Mbali inayo musadzivutitse. Kusintha `bigint` kukhala `integer` pa indekisi ya kiyi mmodzi sikuchepetsa kanthu pa makompyuta a masiku ano, chifukwa PostgreSQL imakwaniritsa malo a kiyi aliyense kuti akhale ogawika ndi 8. Mabaiti 8 a kamutu ndi 4 a kiyi ndi 12, ndipo amakwezedwa kufika pa 16 pomwe paja.

Pali malire osadumphika. Kiyi sangapose pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a peji, kuti kugawa kuzitheka nthawi zonse. Mukapyola, mulandira uthenga wokhala ndi mawu akuti `exceeds btree version 4 maximum 2704`. Choipa n'chakuti uthengawu umabwera pa tsiku limene munthu walowetsa mawu aatali, mwina patapita nthawi yaitali indekisi itapangidwa. Ngati mumangosaka mawu ofanana ndendende, ikani indekisi pa chidule chake, monga `md5(adiresi)`, ndipo posaka mugwiritse ntchito chidule chomwecho. Mukatero mwataya kusaka kwa kuyambira apa mpaka apo, poti chidule sichisunga ndondomeko ya mawu.

Mukafufuta mizere yambiri

M'mabuku, tsamba likatsika pansi pa theka limabwereka makiyi kwa loyandikana nalo kapena kuphatikizana nalo. PostgreSQL sichita zimenezi. `VACUUM` imachotsa makiyi a mizere yakufa, koma tsamba limachotsedwa mu mtengo pokhapokha litatsala lopanda kiyi ndi mmodzi yemwe. Likatero limasungidwa kuti lidzagwirenso ntchito pa kugawa kwina, ndipo fayilo ya indekisi simachepa.

Zotsatira zake zimadalira mmene mwafufutira. Mukafufuta mizere yonse yakale motsatana, monga ya `id` kuyambira 1 mpaka 500000, masamba athunthu amatsala opanda kanthu ndipo amabwezedwa. Mukafufuta mizere 9 pa 10 iliyonse mwa apo ndi apo, tsamba lililonse limatsala ndi makiyi pafupifupi 36. Palibe limene lingachotsedwe, ndipo ngati makiyi atsopano onse akupita kumanja, malo amenewo sadzadzazidwanso. Kusaka kiyi mmodzi kumayendabe bwino chifukwa nsanjika sizinasinthe, koma kuyenda cham'mbali kumawerenga mapeji ochuluka maulendo khumi kuposa ofunika. Yesani pa tebulo loyamba lija:

```sql
DELETE FROM malipiro WHERE id % 10 <> 0;
VACUUM malipiro;
SELECT leaf_pages, avg_leaf_density FROM pgstatindex('malipiro_pkey');
```

Muona masamba akadali pafupifupi 2733, koma kudzaza kwatsika kufika pafupifupi 9. Mankhwala ake ndi kumanganso indekisi:

```sql
REINDEX INDEX CONCURRENTLY malipiro_pkey;
```

Lamuloli, limene lilipo kuyambira PostgreSQL 12, limamanga indekisi yatsopano pambali anthu akugwirabe ntchito, kenako n'kusinthanitsa. Onetsetsani kuti pa disiki pali malo a ma indekisi awiri nthawi imodzi. Likalephera pakati limasiya indekisi yosamalizidwa, imene `\d malipiro` imaionetsa ndi mawu akuti `INVALID`, ndipo muyenera kuichotsa nokha ndi `DROP INDEX`. Likatha bwino, masamba atsika kufika pafupifupi 274 ndipo `level` ikhala 1.

Musathamangire `REINDEX` mukangoona 69 pa indekisi ya makiyi osokonekera. Pamenepo ndi pamene mtengo wotere umakhazikika mwachibadwa. Mukaumanganso, masamba onse akhala pa 90, otsala ndi malo a makiyi ochepa ofanana, ndipo adzadzaza pafupifupi nthawi imodzi n'kuyamba kugawika motsatizana, mpaka kudzazako kutatsikanso. Ngati pali chifukwa china chomangiranso indekisi yotere, tsitsani kaye mlingo wodzazira ndi `ALTER INDEX ... SET (fillfactor = 70)`, kuti tsamba lililonse liyambe ndi malo okwanira. Pa indekisi ya makiyi otsatana siyani 90 momwemo.